MAU OTSATSIRA MAFUTA A PAKHUNGU: TINENE ZOONA

Mau oyamba

Ambiri a ife m'miphakati mwathu timachita malonda ang'onoang'ono. Ena timapikula sopo ndi mafuta odzola m'tauni n'kumagulitsa pamsika kapena pakhomo. Magulu ena a amayi amapanga okha sopo ndi mafuta. Wogulitsa aliyense amayenera kutsatsa katundu wake, kaya ndi pakamwa, pa chikwangwani, pa pepala lomata pa botolo kapena pa foni. Kutsatsa malonda si kulakwa. Vuto limabwera pamene mau athu alonjeza zinthu zimene mafutawo sangachite, kapena zimene angachite poononga thupi la wogula.

M'mutu uno tiona malonjezo atatu amene amamveka kawirikawiri: lakuti mafuta amagwira ntchito kwa aliyense mosalephera, lakuti amachiza matenda, ndi lakuti amayeretsa khungu. Pomaliza tikonza limodzi chitsanzo chimodzi cha mau otsatsira malonda.

Tiyambe ndi kulidziwa khungu

Kuti tizindikire bodza, tiyenera kudziwa zinthu ziwiri za khungu lathu. Choyamba n'chakuti khungu lapamwamba limasinthika pang'onopang'ono. Latsopano limamera kuchokera pansi, lakale n'kumafundukuka osaoneka, ndipo kwa munthu wamkulu ntchito imeneyi imatenga pafupifupi milungu inayi kapena kupitirira. Mafuta wamba angathe kufewetsa khungu louma tsiku lomwelo, pakuti ntchito yao ndi kutsekera chinyezi kuti chisachoke. Koma banga kapena chipsera sichingafafanizike m'masiku atatu. Kuti banga lizilale pamafunika miyezi.

Chachiwiri n'chakuti mtundu wa khungu umachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa melanini, umene thupi limapanga lokha. Anthu onse ali ndi timagawo topanga utoto umenewu, ndipo kuchuluka kwa timagawoto n'kofanana pafupifupi mwa anthu a mitundu yonse. Kusiyana kwake n'kwakuti thupi la munthu wakuda limapanga utoto wambiri. Utoto umenewu si litsiro loti lingachoke ndi sopo. Ndi chishango chotiteteza ku dzuwa. Abale athu achialubino, amene thupi lao limapanga utotowu pang'ono kwambiri kapena silipanga n'komwe, amapsa msanga ndi dzuwa ndipo khansa ya pakhungu imawagwira kawirikawiri. Tikamva kuti mafuta ena amayeretsa, tidziwe kuti tanthauzo lake ndi kuchotsa chishango chimenechi.

Lonjezo loyamba: “Amagwira kwa aliyense, salephera”

Makungu a anthu ndi osiyana. La wina ndi louma, la wina limatuluka mafuta ambiri, la wina limachita ziwengo likangokhudzana ndi zonunkhiritsa. Mafuta amene athandiza mayi wa khungu louma angathe kutseka timabowo ta khungu la mtsikana wa ziphuphu, ziphuphuzo n'kuchuluka. Ngakhale mankhwala a kuchipatala, amene adayesedwa pa anthu ambirimbiri, sagwira mofanana mwa odwala onse. Nanga ife ogulitsa pamsika tingatsimikize bwanji za khungu limene sitidalionepo?

Ena amati, “Koma makasitomala anga onse amayamikira.” Tiganize bwino apa. Amene amabwerera kudzagulanso ndi okhawo amene mafuta adawayanja. Amene adatuluka zidzolo sabweranso, amangosiya n'kukagula kwina. Wogulitsa amamva mau a okondwa okhaokha, n'kumaganiza kuti ndi anthu onse. Umboni wa munthu mmodzi kapena awiri umatiuza zimene zidachitika kwa iwowo, osati zimene zidzachitike kwa wogula wa mawa.

Zithunzi zoonetsa munthu asadayambe kudzola ndi atadzola nazonso zimanama mosavuta. Chithunzi choyamba amachijambula m'nyumba ya mdima munthu atakwinya nkhope, chachiwiri panja powala atadzola zophodaphoda. Mafoni ambiri masiku ano amasalalitsa ndi kuwalitsa nkhope okha pojambula. Ngati talandira zithunzi zotere kwa wotipikulitsa, ndipo anthuwo sitiwadziwa, tisazifalitse ngati umboni wathu.

Lonjezo lachiwiri: “Amachiza”

Pali kusiyana pakati pa zodzola ndi mankhwala. Zodzola ntchito yake ndi kutsuka, kufewetsa, kununkhiritsa ndi kukongoletsa. Mankhwala ntchito yake ndi kuchiza kapena kupewa matenda. Tikalemba pa botolo kuti mafuta athu amachiza zipere, tawasandutsa mankhwala ndi mau athu. Kuno ku Malawi mankhwala amayenera kuyamba ayesedwa ndi kulembedwa m'kaundula wa bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2019. Komanso lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003 limaletsa kutsatsa malonda monyenga anthu.

Choopsa chenicheni cha lonjezoli ndi kuchedwetsa wodwala. Matenda a pakhungu amafanana pakuoneka koma magwero ake ndi osiyana. Zipere zimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu. Mphere zimayamba ndi tinthata ting'onoting'ono tokumba m'khungu, ndipo kuti zithe, onse a m'nyumbamo ayenera kulandira mankhwala nthawi imodzi ndi kuchapa zovala ndi zofunda. Banga lotuwa limene silimva kanthu likakhudzidwa lingakhale chiyambi cha khate, nthenda imene imachizika ndi mankhwala a kuchipatala a miyezi 6 kapena 12. Mawanga akuda otukuka pamiyendo mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika angakhale khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Palibe botolo limodzi lingachize zonsezi. Munthu amene wakhulupirira mau athu adzadzola miyezi itatu akudikira kuchira, pamene nthenda ikuzika mizu. Wakhate akachedwa, mitsempha ya zala imafa, ndipo kawirikawiri sibwereranso.

Tichenjerenso ndi mau akuti “ndi achilengedwe, sangapweteke”. Chitedze ndi chachilengedwe, utomoni wa nkhadze nawonso ndi wachilengedwe. Kuchokera kutchire sikutanthauza kuti chinthu n'chabwino pakhungu.

Lonjezo lachitatu: “Amayeretsa khungu popanda vuto”

Ili ndiye lonjezo loopsa koposa, chifukwa theka lake limakhala loona. Mafuta ena amayeretsadi, ndipo amatero msanga. Bodza lili pa mau akuti “popanda vuto”. Mafuta amene amasintha mtundu wa khungu m'milungu yochepa nthawi zambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu izi, ngakhale pa botolo asalembepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija chinkapezeka m'tizipangizo takale toyezera kutentha kwa thupi. Chizindikiro chake ndi Hg. Mekyule amaletsa thupi kupanga utoto, koma amalowa m'magazi kudzera pakhungu n'kukaononga impso ndi mitsempha. Wodzola amayamba kutupa miyendo ndi nkhope, kunjenjemera manja, kuiwalaiwala ndi kusowa tulo. Mwa mayi woyembekezera amafika kwa mwana m'mimba, ndipo amapezekanso mu mkaka wa m'mawere. Amatsalira pa thaulo ndi pa zofunda, kotero ana amene sadzola nawo amakhudzidwanso. M'chaka cha 2013 maiko adagwirizana pangano lochepetsa mekyule, lotchedwa pangano la Minamata, potengera dzina la mzinda wa ku Japan kumene anthu ambiri adalumala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi otayidwamo mekyule. Poyamba panganoli lidaika malire a miligalamu imodzi pa kilogalamu ya zodzola. M'chaka cha 2023 maikowo adagwirizana zochotsa malirewo ndi kuletseratu zodzola zonse zothiridwa mekyule pofika chaka cha 2025.

Chachiwiri ndi haidrokwinoni. Awa ndi mankhwala enieni amene dokotala wa khungu angalembere munthu wa mawanga, pa mlingo wochepa wa magawo 2 mpaka 4 pa 100, pamalo a banga pokha, kwa miyezi yowerengeka. Akadzoledwa nkhope yonse kwa zaka, padzuwa ngati lathu lino, zotsatira zake zimatembenuka. Masaya ndi pachipumi zimada kuposa kale, kuda kwake kobiriwira ngati mwaye, khungu n'kuchita timibulu tokhakhala. Kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchotsa, ndipo ambiri amakhala nako moyo wao wonse.

Chachitatu ndi masiteroidi amphamvu, monga klobetasolo ndi betametasoni. Awanso ndi mankhwala a kuchipatala, ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, oyenera kudzola kwa nthawi yochepa dokotala atalamula. Akadzoledwa tsiku ndi tsiku khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, limachita mizere yong'ambika m'khwapa ndi m'ntchafu, ziphuphu zimabuka, ndipo bala limachedwa kupola. Pa zipere amanyenga: kuyabwa kumaleka masiku oyamba, koma tizilombo timafalikira chifukwa chitetezo cha khungu chafooka. Akalowa ambiri m'thupi angathe kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wodzola akasiya mwadzidzidzi nkhope imatentha ndi kuyabwa, ndiye amabwerera kukagula ena. Wogulitsa amayesa kuti katundu wake akukondedwa, chonsecho wogula wagwidwa mumsampha. Amene wadzola masiteroidi kwa nthawi yaitali asasiye payekha, apite kuchipatala akamuuze kasiyidwe kake.

Zizindikiro za mafuta otere timazidziwa tonse: nkhope yoyera koma mfundo za zala, zigongono ndi makutu zili zakuda, masaya ofiira akakhala padzuwa. Tisamseke munthu wotere. Iye adakhulupirira mau a wogulitsa.

Zimene zidachitika ku South Africa

Zaka za m'ma 1960 ndi 1970 malonda a mafuta oyeretsa adakula kwambiri ku South Africa. Magazini ndi mawayilesi ankaonetsa kuti munthu woyererako ndiye amapeza ntchito ndi banja. M'chaka cha 1975 madokotala a ku Pretoria adalemba za amayi ambiri amene nkhope zao zidada ndi kukhakhala chifukwa cha haidrokwinoni. Boma lidayamba lachepetsa mlingo wololedwa, koma vuto silidathe. Madokotala, mabungwe a ogula ndi anthu olimbana ndi tsankho adapitiriza kudandaula, mpaka m'chaka cha 1990 dzikolo lidaletsa haidrokwinoni m'zodzola. Lidachitanso chinthu china chofunika kwa ife: lidaletsa otsatsa zodzola kunena kuti katundu wao amayeretsa khungu. Adaona kuti mankhwalawo ndi mau owatsatsira zimayendera limodzi, pakuti mau ndiwo amadzutsa chilakolako. Maiko enanso adaletsa mafuta otere, monga Ivory Coast m'chaka cha 2015 ndi Rwanda m'chaka cha 2018.

Komabe ochenjera adapeza njira yozembera. M'malo monena kuti “amayeretsa” amati “amawalitsa” kapena “amatulutsa mtundu wako weniweni”, pambali n'kuikapo chithunzi cha mayi woyera mbee. Bodza silikhala m'mau okha. Ngati mau ndi chithunzi pamodzi zipangitsa wogula kukhulupirira chinthu chosaona, tamunamiza, ngakhale liwu lililonse palokha litaoneka losalakwa.

Tikonze limodzi chitsanzo

Tiyerekeze kuti gulu la amayi likupanga mafuta odzola posakaniza vaselini, mafuta a nthanga za malambe ndi zonunkhiritsa pang'ono, n'kuika m'mabotolo a magalamu 100. Mlembi wa gulu walemba mau awa oti amate pa botolo:

“Mafuta odabwitsa! Amachiza zipere, mphere ndi ziphuphu. Khungu limawala n'kuyera m'masiku 7. Amagwira kwa aliyense. Ndi achilengedwe, alibe vuto lililonse. Ovomerezeka ndi madokotala.”

Pa chiganizo chilichonse tifunse mafunso atatu. Kodi n'zoona? Tikudziwa bwanji? Munthu akakhulupirira, chingamuchitikire n'chiyani?

Chiganizo cha kuchiza chikugwa pa funso loyamba lomwe. Vaselini ndi mafuta a malambe sizipha tizilombo ta zipere kapena tinthata ta mphere, ndipo pankhope ya ziphuphu mafuta olemera angaonjezere vuto. Tichichotse chonse.

Chiganizo cha kuyera m'masiku 7 nachonso n'chabodza, popeza m'mafutawa mulibe choyeretsa. Ndipo chili ndi ngozi ina. Ogula akabwera kudzadandaula kuti sakuyera, wina m'gulu angayesedwe kugula timachubu ta siteroidi n'kufinyiramo kuti lonjezo likwaniritsidwe. Bodza la pa pepala limabala chinyengo cha m'botolo.

Pa mau akuti “amagwira kwa aliyense”, gulu lingathe kudziyesera lokha. Tiyerekeze kuti lapatsa mafutawa anthu 20 ofuna okha, kuti adzole m'manja ndi m'miyendo kwa milungu inayi, mlembi n'kulemba yankho la aliyense. Anthu 14 akuti khungu lafewa, asanu sadaone kusintha, mmodzi adamva kuyabwa n'kusiya. Gulu tsopano lili ndi choti linene moona: ambiri mwa amene adayesa adati khungu lafewa. Silinganene kuti onse. Ndipo munthu mmodzi uja waphunzitsa gulu kuti pa botolo pakufunika chenjezo.

Mau akuti “achilengedwe” sakuyenera, chifukwa vaselini amachokera ku mafuta okumbidwa pansi ndi kuyengedwa m'fakitale. Amenewa si manyazi, vaselini ndi wabwino pa khungu louma. Tingotchula zimene zilimo. Mau akuti “alibe vuto lililonse” atsutsidwa kale ndi woyabwidwa uja.

Chatsala ndi cha madokotala. Ngati namwino wina wa m'mudzi mwathu adagula botolo n'kuyamikira, kumeneko si kuvomereza kwa achipatala. Chimodzimodzi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS: chimaikidwa pokhapokha bungwelo litayesa katundu ndi kupereka chilolezo. Kuchijambula tokha ndi mlandu.

Tikachotsa zonsezi, mau athu angakhale otere:

“Mafuta odzola ofewetsa khungu louma. Muli vaselini, mafuta a nthanga za malambe ndi zonunkhiritsa. Magalamu 100. Yambani mwayesa pang'ono m'kati mwa mkono kwa masiku angapo. Mukamva kuyabwa kapena kutentha, siyani. Osadzola pa bala. Awa si mankhwala: ngati muli ndi matenda a pakhungu pitani kuchipatala.”

Pansi pake tilembe dzina la gulu, kumene likupezeka, tsiku limene mafuta adapangidwa ndi tsiku lomaliza kuwagwiritsa ntchito. Ena adzati mau otere ndi ozizira, sangakope anthu. N'zoona kuti bodza limagulitsa msanga tsiku loyamba. Koma mafuta odzola amatha, ndipo phindu la malonda amenewa lili pa munthu wobwera kudzagulanso mwezi wamawa. M'mudzi timagulitsa kwa anthu amene tidzakumana nawo kuchigayo, kumjigo ndi pamaliro.

Nanga ife opikula?

Ambiri sitipanga mafuta, timangogulitsa opangidwa kwina. Tisaganize kuti mlandu ndi wa fakitale yokha. Tikabwereza kwa wogula bodza lolembedwa pa katoni, lasanduka lathu. Lamulo lachisanu ndi chitatu silipatula pamsika.

Tisanapikule tiyang'ane botolo. Likhale ndi dzina ndi malo a wopanga, mndandanda wa zosakaniza ndi tsiku lothera ntchito. Tikane mafuta othiridwa m'timabotolo topanda dzina, ndi osakaniza pamanja amene wogulitsa amati ndi chinsinsi chake. Kachubu kokhala ndi kapepala ka malangizo m'kati ndi mlingo wonga 0.05% kawirikawiri ndi mankhwala, ndipo malo ake ndi kufamase, osati pa benchi. Ngati mayina a pa botolo sitikuwamva, tipite nalo kwa wa kufamase kapena kuchipatala akatiwerengere. Safunsa adadya phula. Tikumbukirenso kuti mafuta a mekyule nthawi zambiri salembedwa zoona, choncho lonjezo la kuyera msanga palokha ndi chenjezo lokwanira.

Wogula akationetsa banga n'kufunsa kuti adzole chiyani, yankho loona ndi lakuti, “Mayi, ine ndimagulitsa zodzola, za banga limeneli akaone achipatala.” Tikapeza malonda onyenga tingakadandaule ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC, ndipo ngati ndi mankhwala ogulitsidwa mobisa, ku PMRA. Tisunge botolo, katoni yake ndi lisiti ngati ilipo, pakuti zimenezi ndiye umboni.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani mau otsatsira mafuta kapena sopo amene mudawamva pamsika, pa wayilesi kapena pa foni. Ayeseni ndi mafunso atatu aja. Ndi ati amene atsala?

2. N'chifukwa chiyani atsikana, amayi ngakhale abambo ena kwathu kuno amafuna kuyera? Ndi mau ati amene timalankhula m'nyumba mwathu, kwa ana kapena kwa akazi athu, amene amalimbikitsa maganizo amenewa?

3. Mnzathu wa m'gulu wapikula katoni ya mafuta oyeretsa ndi ndalama za ngongole ya banki m'khonde, ndipo tsopano wadziwa kuopsa kwake. Gulu lingamuthandize bwanji kuti asagulitse mafutawo komanso asamire m'ngongole?

4. Amene muli ndi katundu wogulitsa, bweretsani botolo limodzi pa msonkhano wotsatira, kuti tidzalembe limodzi mau oona owatsatsira.